Kalata Yokweza Nkhani kwa Abwana Pamene Ntchito Yaima Chifukwa cha Ofesi Ina

Nkhani yokambidwa kwa ogwira ntchito zachitukuko m'mbali mwa nyanja, ku Lunho



Ambiri a inu mumagwira ntchito yanu kuno ku Lunho, koma amene amavomereza ndalama ndi katundu wa ntchitoyo amakhala ku Metangula kapena ku Lichinga. Zimenezi zili ndi vuto lake. Ntchito ikaima, amene amaonekera ndinu. Amfumu amafunsa inu, makolo amafunsa inu, amisiri amabwera pakhomo panu m'mamawa kudzafunsa za malipiro, pamene pepala limene laimitsa zonse lili phee pa tebulo la munthu wina kutali, mu ofesi imene simungailamule. Mwaimba foni, mwakumbutsa, mwapempha mwaulemu, koma palibe chikusuntha. Chatsala n'kulembera abwana aakulu, amene ali pamwamba pa inu ndi pamwamba pa ofesi inayo. Lero ndikamba za imelo imeneyo, ndipo mfundo yanga ndi imodzi: muilembe mwakuti ngakhale mkulu wa ofesi imene mukuidandaulayo ataiwerenga mzere ndi mzere, asapeze ngakhale chiganizo chimodzi choti anene kuti "apa mwanama."

Dziwani kuti adzaiwerengadi. Abwana akalandira imelo yotere, chinthu choyamba chimene amachita ndi kuitumiza kwa mkulu wa ofesi inayo ndi mawu awiri okha ofunsa kuti zili bwanji. Ndiye musadzinamize kuti mukunong'oneza abwana kukhutu. Mukulankhula pabwalo, ndipo wodandaulidwayo wakhala poteropo. Tonse tinakhalapo pa bwalo la amfumu. Munthu amene amayamba ndi "uyu ndi wakuba chibadwire" amatopetsa nduna, ndipo mlandu umatembenuka n'kukhala wa mwano wake. Amene amati "mbuzi inalowa m'munda mwanga Lachiwiri, anaiona ndi uje ndi uje, mapesi odyedwa ndi awa" amasiyira amfumu ntchito yochepa, yongogamula basi.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiyeni titenge chitsanzo. N'chongoyerekeza, sindikunena bungwe lililonse kapena munthu aliyense, koma zochitika zake mudzazizindikira. Bungwe lina lili ndi likulu ku Lichinga ndipo likumanga zipinda ziwiri zophunziriramo pa sukulu ina ya m'dera lino. Anthu a m'mudzi anaumba njerwa, anawotcha, anatuta mchenga ndi madzi. Amisiri amanga makoma mpaka pamwamba, mitanda yaikidwa. Chatsala ndi malata 96 ndi misomali yake, ndipo m'chipinda chosungiramo katundu muli matumba 30 a simenti odikira kuti denga likhalepo ndiye aikire pansi ndi kupaka makoma. Woyang'anira ntchitoyi ndi mayi wina amene amakhala konkuno. Malata amagula ndi a ofesi yogula katundu ku likulu, ndipo lafika tsiku la 20 Okutobala malata asanabwere.

Mayiyu ali ndi chifukwa chokwiyira. Imelo yoyamba imene dzanja lake likufuna kulemba ndi yakuti: "A ofesi yogula katundu safuna kutithandiza. Nthawi zonse amatinyalanyaza ife a kunyanja. Takhala tikuwakumbutsa kambirimbiri koma sayankha. Zikuoneka kuti pali wina amene akufuna kudyapo. Chonde chitanipo kanthu mwamsanga." Tiyeni tione mmene mkulu wa ofesi yogula katundu angaiphwanyire. Pa mawu akuti "sayankha," iye atulutsa imelo imodzi imene anayankha mu Sepitembala, ndipo basi, mayiyu waoneka wabodza. Pa mawu akuti "nthawi zonse," akumbutsa kuti simenti ija anagula ndi iwo omwe ndipo inafika pa nthawi yake. "Safuna kutithandiza" ndi nkhani ya mumtima, ndipo mtima wa munthu ulibe chidindo choti n'kusonyeza. Za kudyapo ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa tsopano nkhani yasiya kukhala ya malata yasanduka yoipitsa mbiri ya munthu, ndipo abwana akuyenera kuyamba ndi imeneyo. Pomaliza, "chitanipo kanthu" sakuuza abwana chochita. Milungu iwiri ipita anthu akukangana za imelo, denga lili pamtunda.

Ndiye musanatsegule n'komwe foni kapena kompyuta, tengani kope ndi cholembera. Lembani masiku motsatana, ndipo pambali pa tsiku lililonse mulembe chimene chinachitika ndi umboni wake. Mayi wathu atachita zimenezi akupeza izi. Pa 2 Sepitembala anatumiza fomu yopempha malata. Pa 4 Sepitembala ofesi yogula katundu inadinda kuti yalandira, ndipo iye ali ndi chithunzi cha fomu yodindidwayo. Pa 11 Sepitembala a ofesiyo anamulembera kuti fomuyo sinanene kukhuthala kwa malata. Pa 12 Sepitembala iye anayankha kuti akufunika a mamilimita 0.4, otalika mamita atatu. Pa 19 Sepitembala amisiri anamaliza makoma ndi mitanda n'kuima. Pa 26 Sepitembala anakumbutsa pa imelo, osalandira yankho. Pa 6 Okutobala anaimba foni, ndipo anauzidwa kuti apeza mitengo kwa ogulitsa awiri okha, wachitatu mapepala ake amsonkho sali m'malo, pamene lamulo la bungwe limafuna ogulitsa atatu. Pa 13 Okutobala analembera mkulu wa ofesiyo mwini wake.

Taonani zimene kopelo latulutsa. Choyamba, laonetsa kuti masiku ena a kuchedwaku anachokera kwa mayiyu, chifukwa fomu yake inali yoperewera. Mtima umafuna kubisa zimenezi, koma ine ndikuti zilembedwe mu imelo, poyera, m'chiganizo chimodzi chopanda kudzikhululukira. Mukazibisa, mnzanuyo ndiye adzayamba nazo poyankha, ndipo zina zonse zimene mwanena zidzakayikiridwa. Mukazinena nokha, mwamulanda chida, ndipo abwana aona kuti wolemba uyu sakusankha zomukomera. Zitanthauzanso kuti masiku owerengera kuchedwa ayambire pa 12 Sepitembala, pamene pempho linakwanira, osati pa 2 Sepitembala. Masiku 38 amene palibe angawatsutse ali ndi mphamvu kuposa masiku 48 amene mnzanu angawadule pakati.

Chachiwiri, kopelo laonetsa malo amodzi ofooka, amene ndi foni ya pa 6 Okutobala. Mawu a pafoni amauluka. Mawa munthu akhoza kunena kuti simunamumve bwino, ndipo kuno kwathu netiweki imadukadukadi, choncho sangakhale akunama kwenikweni. Mankhwala ake ndi osavuta, koma ochepa amawagwiritsa ntchito: mukangomaliza kulankhula pafoni nkhani yofunika, tsiku lomwelo kapena mawa lake, lembani mizere itatu. "Zikomo chifukwa cha kukambirana kwathu kwa dzulo. Ndamva kuti mwapeza mitengo iwiri ndipo wogulitsa wachitatu mapepala ake sanakwanire. Ngati ndamva molakwika, chonde ndikonzeni." Mayi wathu anachita zimenezi pa 7 Okutobala ndipo palibe anamukonza. Kuyambira pamenepo mawu a pafoni aja ali ndi tsiku, ndipo akhoza kuikidwa mu imelo ya kwa abwana. Mauthenga a pa WhatsApp nawo muwajambule pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa foni imagwera m'madzi, ndipo ife a kunyanja tikudziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono, kopelo laonetsa kuti ofesi inayo sikungogona. Yakodwa pa lamulo. Lamulo likuti ogulitsa atatu, iwo apeza awiri, ndipo kalaliki wa mu ofesimo alibe mphamvu yolumpha lamulolo. Akalilumpha, owerengera ndalama akadzabwera adzagwira iye, osati inu. Amene munagulapo katundu wa bungwe kapena wa boma m'chigawo chino cha Niassa mukudziwa kuti sitolo ikhoza kukhala ndi malata odzaza, koma mwini wake akapanda nambala yamsonkho ija ya NUIT, kapena chiphaso cha malonda, kapena kalata yosonyeza kuti alibe ngongole yamsonkho, mtengo wake sungalowe m'faelo. Ndipo ogulitsa zomangira okhala ndi mapepala onse si ambiri ngati ku Nampula kapena ku Maputo. Mukamvetsa zimenezi, imelo yanu imasintha nkhope. Simukupitanso kwa abwana kukanena kuti uje alangidwe. Mukupita kukawauza kuti pali mfundo imene yamangika, ndipo amene ali ndi mphamvu yoimasula ndi iwo okha. Ichi ndiye chifukwa chenicheni chokwezera nkhani. Ngati chimene mukufuna angathe kuchichita mnzanu wa pa msinkhu wanu, nthawi yopita kwa abwana sinakwane. Ngati chikufunika ndi chilolezo, kapena kusankha pakati pa ntchito ziwiri zolimbirana galimoto imodzi, kapena kusuntha ndalama, apo ndiye mpando wa abwana ukufunika. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Inu a m'boma muli ndi mtundu wanu wa vuto lomweli. Mukauzidwa kuti "ndalama sizinatuluke," mawuwo akhoza kutanthauza zinthu zingapo zosiyana. Mwina nkhani idakali ku gawo logula katundu lija la UGEA, mwina ndalamazo sizinasungidwire ntchitoyo mu e-SISTAFE, mwina zonse zatheka koma malipiro sanafike ku akaunti ya wogulitsa. Aliyense wa malo amenewa ali ndi mwini wake. Musanalembe, funsani funso limodzi lokha: faelo ili pa tebulo la ndani lero, ndipo ikudikira chiyani? Imelo yonena kuti "a zachuma akuchedwetsa" pamene faelo sinachoke n'komwe kwa ogula katundu imapweteka munthu wosalakwa, ndipo munthu ameneyo mudzamufuna mwezi wamawa.

Pali sitepe ina imene ambiri amailumpha, ndipo ndi imene imasunga ubale. Musanalembere abwana aakulu, uzani mkulu wa ofesi inayo kuti mutero. Mayi wathu, m'kalata yake ya pa 13 Okutobala, analemba kuti ngati pofika pa 17 Okutobala njira sinapezeke, adzapempha akuluakulu kuti athandize, popeza nkhaniyi ikuoneka kuti ikufuna chilolezo chawo. Mawu amenewa si oopseza. Nthawi zina amakwanira okha kusuntha faelo, ndipo imelo ya kwa abwana siifunikanso. Nthawi zina mkulu wa ofesiyo amapumira m'mwamba n'kunena kuti lembani ndithu, nanenso ndamangika. Chimene munthu sakhululuka msanga ndi kuitanidwa mu ofesi ya abwana n'kukapeza dzina lake pa kalata imene sanaidziwe. Momwemonso abwana anu apafupi, amene mumapereka lipoti kwa iwo, ayenera kudziwa ndi kuvomereza. Kuwadumpha ndi kudzipangira mlandu wachiwiri.

Tsopano imelo yeniyeniyo. Ndikudziwa kuti ambiri mudzailemba m'Chipwitikizi, chifukwa ndicho chilankhulo cha maofesi athu, koma mafupa ake ndi omwewa. Pa mzere wa mutu, umene pa foni zambiri umalembedwa `Assunto`, mayiyu sakulemba kuti "Dandaulo" kapena "Zachangu." Akulemba kuti: "Denga la zipinda ziwiri za sukulu, Lunho: pempho la chigamulo pofika pa 24 Okutobala." Abwana amene ali ndi maimelo ambirimbiri osawerenga adziwa pamutu pomwepo kuti ndi nkhani yanji, ya kuti, ndipo akufunika kuchitanji liti. M'kati mwake mukuti:

"Wolemekezeka Bwana Mkulu, ndikupempha chigamulo chanu pa kagulidwe ka malata 96 a zipinda ziwiri za sukulu kuno ku Lunho. Ntchito inaima pa 19 Sepitembala podikira malatawa, ndipo kuti denga lithe mvula isanakhazikike, afunika afike pa malo pofika pa 5 Novembala.

"Pempho linalandiridwa ku ofesi yogula katundu pa 4 Sepitembala. Pa 11 Sepitembala ofesiyo inandidziwitsa kuti sindinalembe kukhuthala kwa malata, ndipo ndinakonza pa 12 Sepitembala. Malamulo athu amapereka masiku 15 antchito ogulira katundu wotere, ndipo masikuwo anakwana pa 6 Okutobala. Tsiku limenelo ofesiyo inandifotokozera kuti pali mitengo iwiri m'malo mwa itatu, chifukwa wogulitsa wachitatu mapepala ake amsonkho sanakwanire. Ndinalembera mkulu wa ofesiyo pa 13 Okutobala, ndipo pofika lero tsiku logulira silinadziwike.

"Amisiri akuti kufolera kutenga masiku 12 antchito. Malata akafika pa 5 Novembala, denga litha pa 21 Novembala. Akachedwa kuposa apo, makoma ndi mitanda zikhala pamvula, matumba 30 a simenti amene ali m'chipinda chosungiramo akhoza kuuma, ndipo zipindazi sizikhala zokonzeka sukulu ikamatsegulidwa chaka chamawa.

"Ndikuona njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mupereke chilolezo cholembedwa kuti agule pogwiritsa ntchito mitengo iwiri imene ilipo. Yachiwiri ndi yakuti afunse mtengo wachitatu kwa wogulitsa wa kunja kwa Lichinga, zimene ziwonjezera masiku ndi ndalama zonyamulira. Ine ndikupempha yoyamba, koma ofesi yogula katundu ikhoza kukhala ndi zifukwa zimene sindikuzidziwa, ndipo mkulu wake walandira kope la imelo ino. Ndaphatikiza fomu yodindidwa, makalata amene tinalemberana, ndi zithunzi ziwiri za malo antchito."

Basi, yathera pomwepo, ndipo ikukwana pa tsamba limodzi. Tiyeni tiifunthe.

Pempho lili m'chiganizo choyamba. Ichi chimativuta ife, chifukwa mwambo wathu umatiphunzitsa kuti munthu wamkulu sumufikira mwachindunji. Umayamba wapereka moni, wafunsa za kunyumba, wazungulira pang'ono, kenaka ndiye nkhani. Pakhonde ndi momwemo, ndipo sindikuti tisinthe. Koma abwana akuwerenga imelo yanu pa foni, m'galimoto, pakati pa misonkhano iwiri, ndipo mwina aona mizere isanu yoyamba yokha. Ulemu wanu uli m'mawu oyamba aja akuti "Wolemekezeka," uli m'mawu akuti "ndikupempha," ndipo uli m'kusawatayitsa nthawi. Mbiri yonse ya ntchito kuyambira tsiku loumba njerwa amaidziwa kale kapena saifuna.

Onaninso kuti mu imelo yonseyi mulibe mawu ofotokoza khalidwe la munthu. Mulibe "ulesi," mulibe "kunyalanyaza," mulibe "mwadala." Muli zochitika ndi masiku. Chiganizo chakuti "pofika lero tsiku logulira silinadziwike" chikunena zonse zimene mayiyu ankafuna kunena ndi mawu aukali aja, koma palibe angachitsutse. Njira yodziyesera ndi iyi: pa chiganizo chilichonse dzifunseni ngati mungaloze pepala, chithunzi kapena munthu woti atsimikize. Mukalephera, chiganizocho ndi maganizo anu. Maganizo saletsedwa, koma avale chovala chake, ayambe ndi "ndikuona" kapena "ndikupempha," monga mmene mayiyu wachitira pa njira ziwiri zija. Mulibenso dzina la kalaliki amene anayankha foni. Akuti "ofesiyo inandifotokozera." Dzinalo lili m'makalata ophatikizidwa kwa amene angalifune, koma kuliika pakati pa imelo n'kuloza chala munthu wamng'ono amene sanapange lamulo.

Masiku 15 aja nawo anawerengedwa mosamala. Mayiyu anachotsa Loweruka ndi Lamlungu, anachotsanso tchuthi cha pa 25 Sepitembala. Akanati awerenge masiku onse motsatana akananena kuti nthawi inatha mu Sepitembala, ndipo akanamugwira pa kanthu kakang'ono kameneko. Ndipo lamulo limene mukulitchula mukhale mutaliona ndi maso m'buku la bungwe lanu. Ngati bungwe lanu lilibe masiku oikika, musawapeke. Ingonenani tsiku limene munalonjezedwa, ngati linalembedwa, kapena nenani masiku amene apita n'kusiya abwana aweruze okha.

Gawo la zotsatira ndi pamene anthu oona mtima amaterereka. Popeza tikufuna abwana adzidzimuke, timakokomeza: makoma agwa, ana asiya sukulu, amfumu atithamangitsa. Koma abwana a ku Lichinga si alendo. Amadziwa kuti mvula kuno imayamba cha mu Novembala n'kulimba mu Disembala mpaka Malichi. Amadziwa kuti msewu wochoka ku Metangula kulowera kumpoto ku Cóbuè ndi wafumbi ndipo m'dzinja galimoto yolemera imavutika. Amadziwa kuti simenti yokhalitsa pachinyontho imachita mibulu. Akawerenga zoona zimene akuzidziwa kale, amakhulupirira ndi zina zimene sakuzidziwa. N'chifukwa chake mayiyu akuti simenti "ikhoza kuuma," osati "yawonongeka," chifukwa sinawonongeke. Ndipo tsiku lomaliza silinachokere mu mkwiyo wake. Analipeza powerenga chammbuyo: denga lithe pa 21 Novembala, kufolera masiku 12, ndiye malata afike pa 5 Novembala, kugula ndi kunyamula kufuna sabata ndi theka, ndiye chigamulo chifunika pa 24 Okutobala. Tsiku lotere abwana akhoza kuliyesa okha. Mawu akuti "mwamsanga" aliyense amawalemba, ndipo anatha mphamvu kalekale. Inu a m'boma muli ndi mpanda wina woti muutchule ngati ukukhudza ntchito yanu, umene ndi kutsekedwa kwa chaka cha ndalama pa 31 Disembala.

Za amene alandire kope, ndinena mwachidule. Pa `Cc` ikanipo mkulu wa ofesi inayo ndi abwana anu apafupi, osaposa apo. Mukaikapo anthu khumi, mnzanuyo sayankhanso kuti akonze vuto, ayankha kuti ateteze dzina lake pamaso pa gulu. `Bcc` musaigwiritse ntchito pa nkhani ngati iyi, chifukwa amene mwamubisayo akangoyankha kwa onse, chinsinsi chanu chaululika. Ndipo amene amapereka ndalama ku bungwe lanu asalandire kope la nkhani ya m'nyumba. Zimenezo akazidziwa, azidziwe kudzera mwa abwana.

Pali zina za kuno kwathu zimene mabuku a kunja sanena. Zithunzi muzichepetse musanatumize, chifukwa imelo yolemera ikhoza kukhala m'foni mwanu usiku wonse inu mukuganiza kuti yapita. Tsegulani bokosi la zotumizidwa mutsimikize. Kenaka tumizani uthenga waufupi wa pafoni kwa abwana kapena kwa mlembi wawo wonena kuti mwatumiza imelo ya mutu wakutiwakuti, osabwerezamo nkhani yonse. Ndipo m'maofesi ambiri a boma, imelo payokha siyambitsa faelo. Pamafunika kalata ya papepala, yosainidwa, yodutsa m'njira yake, kuchoka kwa mkulu wa nthambi yanu kupita kwa mlembi wamkulu wa boma la Lago kapena kwa bwanamkubwa wa bomalo, malinga ndi nkhani yake. Zikatero, imelo ikhale yotsogola, kalata ya papepala itsatire ndi mawu omwewo, ndipo kope lanu lidindidwe ndi tsiku lolandirira musanatuluke mu ofesimo.

Wina afunsa kuti, nanga ngati ndikukayikiradi kuti pali chinyengo, kuti wina akudikira wogulitsa wake? Funsoli ndi loona, ndipo zoterezi zimachitika. Yankho langa ndi lakuti nkhani imeneyo ili ndi khomo lake, ndipo isakwere bwato limodzi ndi malata. Ngati muli ndi umboni, kauperekeni kwa owerengera ndalama a bungwe kapena kumene malamulo anu amanena. Ngati mulibe, kukayikira kwanu kukhale mumtima. Ndipo chodabwitsa n'chakuti imelo ya masiku okhaokha imaulula zokhota bwino kuposa imelo yoneneza. Abwana akaona kuti mitengo iwiri inalipo kuyambira kale koma palibe anawapempha chilolezo, funso lakuti chifukwa chiyani alifunsa okha, ndipo likachokera kwa iwo limalemera kuposa likachokera kwa inu.

Imelo yotere ili ndi malire ake, ndipo ndisakunamizeni. Abwana akhoza kuiwerenga n'kugamula mokomera ofesi inayo. Akhoza kunena kuti lamulo la ogulitsa atatu silisunthika chifukwa opereka ndalama salola. Zikatero mwapindulabe kanthu, chifukwa muli ndi yankho lolembedwa. Mukhoza kupita kwa amfumu ndi komiti ya sukulu n'kuwauza zoona, mukhoza kufunda mitanda ndi pulasitiki, kukweza simenti pa matabwa kutali ndi khoma kapena kupempha kuti igwiritsidwe ntchito pena isanaume, ndi kumasula amisiri akafune ganyu kwina m'malo mowasunga ndi malonjezo. Akhozanso kukhala chete. Pa 24 Okutobala likadutsa, mawa lake lantchito yankhani pansi pa imelo yomweyo, osayamba ina, ndi mizere iwiri: tsiku ladutsa, ndipo tsiku lothera denga tsopano lasunthira pakuti. Kachiwiri kakalephera, pemphani mphindi zisanu pafoni. Musachulukitse maimelo, komanso musakweze nkhani iliyonse yaing'ono, chifukwa amene amalembera abwana sabata iliyonse amafika poti dzina lake likaoneka pa foni, abwana amangodutsa.

Zinthu zikayenda, malata akafika pa sukulu, lemberani onse amene analandira imelo ija kuti katundu wafika pa tsiku lakuti, ndipo muthokoze ofesi yogula katundu poitchula. Simukuwanyengerera. Ndi chochitika china choona chimene chiyenera kulembedwa, ndipo chaka chamawa mudzafuna zitseko, mawindo ndi madesiki kuchokera pa tebulo lomwelo.

Pempho langa kwa inu amene muli ndi ntchito yoima pakali pano ndi ili: madzulo ano lembani masiku ake m'kope, ndipo pamene mupeze kuti umboni wake ndi mawu a pafoni okha, tumizani mawa uthenga wotsimikizira. Imelo ya kwa abwana muilembe mukamaliza zimenezo, muigoneke usiku umodzi, ndipo musanaitumize mupatse mnzanu mmodzi aiwerenge ngati kuti iye ndiye mkulu wa ofesi inayo.